Momwe tinadulira filimu ya ku Malombe papepala tisanatsegule laputopu

Ndikufuna ndilembe bwinobwino za ntchito yomwe tinagwira chaka chatha ija, chifukwa anyamata angapo omwe akuyamba kujambula kuno ku Mangochi akhala akundifunsa kuti zimatheka bwanji munthu kuedita dokyumentale ndi sizasi ndi selotepi. Zimatheka ndithu, ndipo kwa ife ndi njira yomwe inatipulumutsa, koma ili ndi misampha yake ndipo ina tinagweramo, nde ndifotokoza zonse.

Filimuyo inali ya maminitsi 24, nkhani ya usodzi pa nyanja ya Malombe. Amene mukudziwa dera lino mukudziwa kuti Shire akatuluka mu nyanja ya Malawi amadutsa paboma pano nkukagwera mu Malombe, nyanja yosazama kwenikweni, yomwe kale inkadziwika ndi chambo. Chambocho chinatsika kwambiri cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu nkutembenukira ku kambuzi wogwira ndi ukonde wotchedwa nkacha, ndipo ndi komweko komwe makomiti a m'madoko aja timati ma BVC anayambira mu 1993. Omwe anatipatsa ntchito ankafuna filimu yonena kuti nsomba zikutha, titsate malamulo, nyengo yotseka nyanja ilemekezedwe. Ifenso tinapita ndi mutu omwewo.

Tinajambula masiku 9 pa doko lina lomwe sinditchula, tinacheza ndi anthu 7: gogo wina yemwe anawedza chambo nthawi chili chambiri, mwini nkacha, mnyamata wobira pansi pamadzi kukamanga nkachayo, mkazi wake, mayi wina wogula nsomba nkukagulitsa, wapampando wa BVC ndi mlangizi wa za usodzi. Zoyankhula zokhazokha zinakwana maola 6 ndi maminitsi 40, osawerengera zithunzi za panyanja. Anthu atatu anayankhula Chiyao pafupifupi monse, ena Chichewa, ena kusakaniza monga timachitira kunoko.

Vuto linali loti edita wathu amachokera ku Blantyre ndipo ndalama zinali zokwana masiku 8 okha, laputopu yamphamvu inalinso yake yomweyo. Mukaika ndi nkhani ya magetsi kuthima, masiku 8 aja amasanduka 5. Ndinadziwa kuti tikakhala pansi awiri kumaonera maola 6 aja nkumakambirana kuti filimu iyambe ndi ndani, sabata itha tisanaike kilipu ngakhale 10 pamzere. Nde ndinaganiza kuti kuganiza konse kuchitike iye asanakwere basi, ndipo kuchitikire papepala, chifukwa pepala silifuna chaji ndipo kusuntha kapepala kuchoka kumapeto kupita koyamba ndi sekondi imodzi.

Chiyambi cha zonse ndi kulemba zomwe anthu anayankhula, mawu ndi mawu. Apa mpomwe anthu ambiri amafuna kudumpha, amalemba chidule ngati "gogo akukamba za kale", koma chidule simungadule nacho filimu. Muyenera kulemba momwe munthu wanenera, ndi "eeh" wake, kubwereza kwake, pomwe wasiyira chiganizo panjira, funso lomwe mwamufunsa nalonso lilembedwe. Tinali atatu, ine ndi mtsikana wina wa ku Namwera yemwe Chiyao ndi chakwawo, ndi mnyamata wothandiza pa kamera. Ola limodzi la Chichewa linkatitengera maola 5 kapena 6 kulemba, la Chiyao kuposa apo chifukwa pansi pa ndime iliyonse ya Chiyao ankalembanso tanthauzo lake mu Chichewa. Zinatenga sabata ziwiri, masamba anatuluka 118.

Chinthu chomwe chimapangitsa tsamba kukhala chida osati kalata chabe ndi tayimukodi, nambala ya nthawi ija yosonyeza ola, miniti ndi sekondi pomwe mawuwo ali mu fayilo. Tinkaiika paliponse pomwe munthu wayamba ganizo latsopano, ndipo ngati akungopitiriza, tisadutse masekondi 30 osaika ina. Kapepala kopanda tayimukodi kali ngati kalata yopanda keyala, mawu ake akhoza kukhala okoma bwanji koma edita adzatha theka la ola akuwasaka.

Ndipo apa mpomwe tinalakwitsa koyamba. Mawu tinkajambula pa rekoda yapadera, fayilo imodzi yaitali kwa munthu aliyense, ndipo polemba tinkamvera fayilo ya rekodayo chifukwa ndi yopepuka, imalowa mu foni. Koma kamera yathu imadula fayilo ikangofika 4GB, pafupifupi maminitsi 11 aliwonse, nde intavyu ya gogo ya maminitsi 58 inali fayilo imodzi pa rekoda koma makilipu 6 pa kamera. Kuonjezera apo rekoda inayamba miniti imodzi ndi masekondi 52 kamera isanayambe, ndipo pakati tinaimitsa kamera kusintha batire rekoda ikupitirirabe. Ndiye `00:36:20` ya papepala sinali `00:36:20` ya chithunzi chilichonse. Ndinazindikira titamaliza anthu atatu, nditafuna kuona nkhope ya gogo pomwe ankanena mawu ena ake nkupeza kuti pa nthawi imeneyo mu kilipu akumwa madzi. Njira yodziwira msanga ndi yomweyo, tengani malo atatu, koyamba, pakati ndi kumapeto kwa tsamba, mufufuze pa chithunzi ngati mawu akugwirizana ndi nambala. Ngati kusiyana kuli kofanana ponseponse mungochotsera nambala imodzi, koma ngati kukukula ndiye kuti penapake kamera inaima.

Tinakonza potumiza makadi a kamera ndi a rekoda ku Blantyre, edita nkulumikiza mawu ndi chithunzi cha munthu aliyense mu sofutiweya yoeditira filimu ya DaVinci Resolve, nkutulutsa fayilo imodzi yopepuka ya munthu aliyense yokhala ndi tayimukodi yooneka pakona ya chithunzi. Ndinene zoona, apa sofutiweya inakhudzidwa pepa editi, kudula filimu papepala kuja, isanayambe, koma ndi ntchito ya madzulo amodzi ndipo sikusankha kalikonse, ndi kungoika keyala. Anthu anayi otsala tinalemba kuchokera pa mafayilo amenewo, atatu oyamba aja tinabwereza kuika manambala, masiku awiri anapita.

Tinapulinta makope awiri, mbali imodzi yokha ya pepala chifukwa mukadula pepala lolembedwa kuseri mwadulanso mawu ena. Kope imodzi inakhala yosakhudzidwa mu fayilo, ina ndi yodula. Tisanadule, munthu aliyense tinamupatsa mtundu wake, ndinajambula mzere wa maka kuchokera pamwamba mpaka pansi m'mphepete mwa tsamba lililonse, gogo wobiriwira, wobira pansi wofiira, mkazi wake wachikasu, choncho. Phindu lake mumaliona mukayala timapepala, mukaima patali mumaona ndi maso kuti apa wabuluu wayankhula kasanu motsatizana ndipo wachikasu wasowa kwa maminitsi 10.

Kuwerenga koyamba ndinawerenga zonse osagwira cholembera, masiku awiri, ngati mukuwerenga buku. Kachiwiri ndi pomwe ndinayamba kuzunguliza ndime. Lamulo lomwe ndinadziikira linali loti ndizunguliza pokhapo pomwe munthu akunena zomwe zinamuchitikira iye, kapena zomwe akufuna, kapena zomwe akuopa. Pomwe akunena zomwe aliyense anganene, zoti nsomba ndi chuma cha dziko, tiyeni tigwirane manja, ndinkadutsa. Wapampando wa BVC anayankhula maminitsi 50 koma ndinazunguliza ndime 9 zokha, chifukwa kwa theka la ola ankayankhula ngati ali pa msonkhano, nkudzamasuka kumapeto pomwe ananena za tsiku lomwe analanda ukonde wa mphwake weniweni. Zonse pamodzi tinadula timapepala 143, nthawi yake maminitsi 71.

Kapepala kalikonse tisanakadule tinkalembapo pamanja keyala yake yonse, chifukwa kakangochoka pa tsamba simungadziwenso kachokera kuti. Kamodzi kankaoneka chonchi:

```
W-22   WOBIRA_INT   in 00:14:07   out 00:14:41   34s
```

Pansi pake mpomwe panali mawu enieniwo, ndipo kumanja tinkasiya malo olembapo chithunzi chomwe chingakhale pamwamba pa mawuwo. Kutalika kwake tinkachotsera pa manambalawo, osati kuwerenga mizere. Mizere imanama, mayi wogulitsa nsomba mzere umodzi amautha m'masekondi 4, gogo mzere womwewo masekondi 8 kapena 9 chifukwa amapuma, amayang'ana kunyanja, kenako nkupitiriza.

Tinayamba kuyala pamkeka pakhonde, koma unali mwezi wa Ogasiti, mwera ukuomba, tinasamukira m'nyumba nkumata mapepala aakulu a fulipitchati 6 pakhoma, kapepala kalikonse nkumata ndi kachidutswa ka masikini tepi koti kazichoka mosavuta. Poyamba tinaunjika mwa mitu, za kale pamodzi, za nkacha pamodzi, za malamulo, za mitengo ya nsomba, za nyengo yotseka. Kenako ndinayala monga momwe omwe anatituma ankaganizira, gogo ayambe ndi chambo cha kale, mlangizi afotokoze chomwe chinachitika, mwini nkacha adandaule, wapampando anene za malamulo, mlangizi atseke. Timapepala 52, maminitsi 29.

Madzulo ake tinawerenga mokweza, aliyense kutenga mitundu iwiri kapena itatu, foni ikuwerenga nthawi. Ichi ndi chinthu chomwe ndikulimbikitsa kwambiri, musangowerenga ndi maso, werengani ndi pakamwa pamaso pa munthu wina. Titafika pakati mtsikana wa ku Namwera uja anaima nkunena kuti, "Achimwene, zonsezi nzoona koma palibe chomwe chikundikoka kuti ndimve kapepala kotsatira." Ananena zoona. Kapepala kalikonse kankanena chinthu chimodzi chomwecho ndi pakamwa posiyana, nsomba zatha, nsomba zatha. Mukanachotsa kachisanu nkukaika pa 30 palibe chikanasintha, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chachikulu choti zomwe mwayala si nkhani koma mndandanda. Mu nkhani yeniyeni kapepala kamabala kotsatira, mukakasuntha pamaoneka bowo.

M'mawa mwake ndinabwerera ku mulu wa timapepala totsala, 91 tija, ndipo ndinaona kuti ofiira ndi achikasu ndi omwe anachuluka mmenemo. Wobira pansi ndi mkazi wake ndinawasiya chifukwa sankayankhula za mutu wathu. Iye ankakamba za khutu lake lomwe linayamba kutuluka mafinya chifukwa chobira, za ngongole yomwe anatenga kwa mwini nkacha mwana atadwala, yomwe amadulidwa pa gawo lake tsiku ndi tsiku. Mkazi wake, yemwe tinacheza naye tsiku lina payekha, ananena kuti anamuuza mwamuna wake kuti nyanja ikatsekedwa chaka chino asadzabwererenso, apite akalime kwawo. Ndipo mwini nkacha, osadziwa zomwe awiriwa anena, anali atanena kuti popanda wobira nkacha sigwira ntchito chifukwa ndi iye amapita pansi kukamanga kunsi kwa ukonde kuti nsomba zisathawe, ndipo anyamata odziwa kubira akusowa. Timapepala titatu timeneti tinali pa tsamba 31, tsamba 77 ndi tsamba 12, tojambulidwa masiku atatu osiyana. Nditatiika pamodzi pakhoma panatuluka funso loti, kodi mnyamatayu asiya kapena ayi? Funso limenelo ndi lomwe linakhala msana wa filimu.

Ndikukhulupirira kuti pa laputopu sindikanaliona, kapena ndikanaliona mochedwa. Pa sikirini mumaona kilipu imodzi nthawi imodzi ndipo mumakopeka ndi yomwe yajambulidwa bwino, dzuwa lili bwino, nkhope yowala. Intavyu ya mkazi uja inali ndi kuwala koipa, kumbuyo kuli khoma loyera, ndikanaidumpha. Papepala onse amafanana, chotsala ndi mawu okha.

Kuyala kwachiwiri kunayamba ndi `W-22`, pomwe wobira akufotokoza momwe kumakhalira pansi, mdima ndi matope, kuti sumaona kanthu umangopapasa chingwe. Kenako mkazi wake ndi zomwe anamuuza. Zitatero mpomwe gogo amalowa, osati ngati mbiri yoyambira filimu koma ngati yankho la funso lomwe woonera ali nalo tsopano, loti zinafika bwanji pomafuna munthu kumira pansi kuti agwire tinsomba tating'ono. Mlangizi anatsala ndi timapepala 3, wapampando 2, kuphatikizapo ka mphwake kaja. Zomwe otituma ankafuna, za nyengo yotseka, zinalowabe ndipo zinalowa ndi mphamvu chifukwa tsopano tsiku lotseka nyanja linali tsiku lomwe banja lija likudikira. Ndinawatumizira mndandandawo pa WhatsApp ngati masamba 6 otayipa, anafunsa mafunso awiri nkuvomera. Kukangana pa masamba 6 nkotchipa kuposa kukangana pa filimu yomwe edita wathera sabata.

Za kutalika ndinachita masamu osavuta. Filimu ya maminitsi 24 singakhale maminitsi 24 a anthu kuyankhula, pamafunika malo oti boti lichoke pa doko, anyamata akoke ukonde, amayi ayanike kambuzi pa thandala, woonera apume. Ndinaika malire a maminitsi 15 a zoyankhula, 9 otsala a zithunzi ndi phokoso la pamalopo. Nde pakhoma ndinamatanso timapepala toyera topanda mawu, tolembedwa chabe "kutuluka m'bandakucha, 50s" kapena "kugawana ndalama pa mchenga, 40s". Tikapanda kutero pepa editi imadzadza ndi mawu kuyambira koyamba mpaka kumapeto nkukhala pulogalamu ya pa wayilesi. Tinatsika kufika pa timapepala 36 ta mawu.

Tsopano mbali yomwe ndikufuna muimvetse kwambiri. Pepala limakuuzani zomwe munthu wanena, silikuuzani momwe wanenera. Nde tisanatseke ndinatenga tsiku lathunthu ndi mahedifoni, kumvera kapepala kalikonse mwa 36 tija pa fayilo yake, kuyambira masekondi 20 kumbuyo mpaka masekondi 20 kutsogolo. Timapepala 7 tinali ndi vuto, ndifotokoza titatu chifukwa ndi mitundu itatu ya vuto.

Koyamba ndi ka mayi wogulitsa nsomba. Papepala panalembedwa kuti "zinatha, zinatheratu, mpaka tinagona ndi njala". Ndinakaika pambuyo pa gogo pomwe akumaliza kunena za nsomba za kale, ndipo kankakhala bwino zedi, gogo akuti nsomba zinali zambiri, mayi akuti zinatha. Nditabwerera ku kope yosadula ija ndinapeza kuti mizere iwiri pamwamba mayiyo ankanena za ndalama za mpamba wake zomwe zinathera ku maliro. Mu Chichewa chathu nsomba zinatha, ndalama zinatha, mbewu zinatha, "zi" yemweyo, nde mukadula dzina lija nkusiya mneni yekha, mneniyo amakakamira dzina lililonse lomwe mwamuika pafupi. Woonera sakanadziwa, koma mayiyo akanadziwa, ndipo doko lonse likanadzaonera filimuyo naye. Kumeneko ndi kumunamizira munthu ndi mawu ake omwe. Kuyambira apo kapepala kalikonse koyamba ndi "iwo", "zimenezi", "kumeneko" kapena mneni wopanda dzina ndinkalembapo pamwamba ndi pensulo kuti akunena za chiyani. Ka mayi uja tinakatalikitsa kuyambira pomwe watchula mpamba nkukasamutsira ku gawo la ngongole, komwe kanagwira ntchito yoona.

Kachiwiri ndi ka mwini nkacha, pomwe ananena kuti "ndimawasamalira ngati ana anga". Papepala pali fulusitopu, chiganizo chatha. Pomvera, mawu ake akukwera kumapeto chifukwa akupitiriza kuti "koma ngongole ndi ngongole", ndipo palibe kupuma pakati, "anga" ndi "koma" zagundana. Mukadula pa "anga" khutu limamva kuti munthu wadulidwa pakamwa, ngakhale mutaphimba ndi chithunzi cha nyanja. Fulusitopu ija anaiika ndi wolemba, osati woyankhula. Apa yankho linali losavuta ndipo linali labwino kuposa zomwe ndinkafuna poyamba, tinasiya chiganizo chonse.

Kachitatu ndi nkhani ya Chiyao. Ine Chiyao ndimamva koma osati mozama, nde ndinkadula potsatira Chichewa cholembedwa pansi chija. Pa kapepala kena ka gogo ndinachotsa pakati pa ndime, nkusiya chiyambi ndi mapeto, papepala zikuwerengeka bwino. Mtsikana uja atamvera anati zomwe ndadulazo mu Chiyao sizili pakati, gogo anayamba nazo, iye pomasulira anasintha dongosolo kuti Chichewa chimveke bwino. Ndiye manambala anga olowera ndi otulukira ankagwera pakati pa mawu ena. Tinagwirizana kuti pa timapepala ta Chiyao ine ndizingosonyeza ganizo lomwe ndikufuna, koma mzere wodulira aziika iye pa Chiyao chenichenicho, ndi mawu atatu oyamba ndi atatu omaliza olembedwa mu Chiyao kuti edita, yemwe samva nkomwe, azitha kuwazindikira ndi khutu.

Palinso mbali ina ya vuto lomweli yomwe imapita kwina, zinthu zomwe papepala zimaoneka zopanda pake koma pa chithunzi ndi zamphamvu. Nditamufunsa wobira ngati asiya, tsamba likungosonyeza "Kaya." Mawu amodzi, sindinawazungulize nkomwe. Mnyamata wa kamera ndi amene anakumbutsa kuti, "Akulu, pajatu anakhala chete nthawi yaitali asanayankhe." Tinapita kukaona, masekondi 11 ali chete akugwira khutu lija, kenako nkunena kaya. Tikanalemba potayipa kuti apa wakhala chete, apa waseka, apa wayang'ana mkazi wake, sitikanadalira kukumbukira kwa munthu. Pano ndimauza aliyense wotayipa kuti chete wopitirira masekondi 3 alembedwe ndi kutalika kwake.

Titamaliza kukonza tinatsala ndi timapepala 34 ta mawu, maminitsi 15 ndi masekondi 20, ndi 14 ta zithunzi. Ndinajambula khoma lonse ndi foni, kenako nkutayipa mu Excel mzere umodzi pa kapepala kalikonse, nambala yotsatana, dzina la fayilo, polowera, potulukira, mawu oyamba, mawu omaliza ndi chithunzi chomwe ndikuganizira. Mu kholamu yomalizayi ndi momwe ndinaonera kuti pa malo 5 pomwe ndadula mkati mwa zoyankhula za mkazi wa wobira ndinalibe chithunzi chophimbira, chifukwa pakhomo pake tinangojambula intavyu yokha. Mukalumikiza zidutswa ziwiri za munthu yemweyo pa shoti yomweyo mutu wake umadumpha, nde pamafunika china choika pamwamba. Poti edita anali asanabwere, tinakwera njinga yamoto kubwerera ku doko m'mawa umodzi, tinamujambula akuyanika nsomba, akutunga madzi, akudikira maboti. Tikanazindikira izi edita ali pampando likanakhala tsiku lake limodzi lotayika.

Atafika, anaika zidutswa 34 zija pamzere tsiku limodzi ndi theka, mawu okhaokha opanda zophimba, nkumvera tonse titatseka maso. Sizinakhale ndendende ngati pakhoma, ndipo sizimayenera kutero. Gawo la gogo lomwe papepala linkaoneka lokwanira linakhala lolemera chifukwa cha kuyankhula kwake kwapang'onopang'ono, tinachotsa timapepala take tiwiri. Ka wapampando ndi mphwake edita anakakweza kutsogolo ndi maminitsi 4 ndipo anali ndi zifukwa zomveka, sindinatsutse. Pa 34 tija, 29 tinakhala mu filimu yomaliza, 24 pa malo omwe tinali pakhoma. Timapepala totsala tinali mu maemvulopu 7 olembedwa mitundu, ndipo kawiri edita atafuna mawu olumikizira tinawapeza mu emvulopu m'maminitsi ochepa osatsegula fayilo iliyonse.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira pa filimu yomwe mtima wake uli mu zoyankhula. Gawo la panyanja, pomwe anyamata akuponya nkacha ndipo wobira akudumphira m'madzi, silinadulidwe papepala ngakhale pang'ono, pakhoma panangolembedwa "kuwedza, 2min 30s", ndipo edita anathera masiku awiri athunthu pa gawo limenelo lokha, kusankha mashoti ndi maso. Masiku awiri amenewo analipo chifukwa dongosolo la nkhani linali litatha kale. Tinamaliza tsiku la 7, la 8 tinagwiritsa ntchito kuika mawu omasulira a pansi pa sikirini, ndipo apanso masamba aja anathandiza chifukwa Chichewa cha ndime za Chiyao chinali chotayipa kale ndi manambala ake.

Tisanapereke filimu tinapita nayo ku doko ndi laputopu kukaonetsa anthu 7 aja kaye, m'nyumba ya wapampando. Mayi wogulitsa nsomba atamva gawo lake la mpamba anangogwedeza mutu nkunena kuti ndi momwemo. Wobira anapempha kuti tichotse pomwe anatchula kuchuluka kwa ngongole yake, chifukwa mwini nkacha anali pomwepo ndipo anali asanamalize kubweza. Kanali `W-31`, masekondi 9, ndinakapeza pa mndandanda tili pomwepo, ndipo edita anakachotsa madzulo ake nkuphimba ndi shoti ya maboti akubwerera.